Malipiro a antchito 6 pa bekale: za msonkho, penshoni ndi zotsala m'manja

"Ndili ndi bekale ku Chinamwali ndipo ndili ndi antchito 6. Mwezi ukatha aliyense ndimangomupatsa ndalama yomwe tinagwirizana. Tsopano akundiuza kuti ndiyenera kumadula msonkho ndi penshoni. Ndidule zingati, ndiyambire pati, nanga ineyo ndiwonjezerapo zingati?"

Mayi, tengani kope ndi cholembera, chifukwa nkhaniyi imamveka bwino ndi munthu mmodzi pa tebulo. Tiyerekeze wophika wanu wamkulu amalandira K260,000 pa mwezi, amagwira masiku 6 pa sabata, maola 8 pa tsiku. Mwezi uno wagwira maola 16 owonjezera chifukwa cha maoda a ukwati, ndipo pakati pa mwezi anatenga adivansi ya K40,000.

Choyamba ndi kupeza ndalama yonse imene wagwirira, musanachotsepo kalikonse. Mukagawa K260,000 ndi masiku 26 mupeza K10,000 pa tsiku, kutanthauza K1,250 pa ola. Lamulo la zantchito la 2000 limati ola la ovataimu pa tsiku wamba lilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo la pa tsiku lopuma lilipidwe kawiri. Maola ake 16 anali a masiku wamba, ndiye ndi K1,875 pa ola, onse pamodzi K30,000. Ndalama yonse ya mwezi uno ndi K290,000. Adivansi ija musayikhudze kaye, imabwera kumapeto kwenikweni. Anthu ambiri amayamba ndi kuyichotsa kenako n'kuwerengera msonkho pa zotsala, koma adivansi ndi malipiro omwewo amene munthu anangolandira msanga, msonkho wake ulipobe.

Tsopano pali manambala awiri, K260,000 ndi K290,000, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo.

Msonkho wa PAYE, umene bwana amadula pa malipiro a wantchito, umawerengedwa pa ndalama yonse, K290,000, chifukwa a MRA amawerengera zonse zimene munthu walandira pa ntchito: salale, ovataimu, bonasi ndi ndalama zina zowonjezera. Monga chitsanzo chabe, ndigwiritsa ntchito magawo akale amene anayamba mu Epulo 2024. Pa magawo amenewo K150,000 yoyamba inalibe msonkho, kuchokera pamenepo mpaka K500,000 inali 25 peresenti, kupitirira apo mpaka K2,550,000 inali 30 peresenti, ndipo pamwamba pake inali 35 peresenti. Magawowa boma limawasintha pa bajeti, nthawi zina ngakhale pakati pa chaka, choncho tsiku lowerengera mukhale ndi magawo amene a MRA akugwiritsa ntchito mwezi umenewo. Manambala asintha koma njira ikhala yomweyi. Kwa wophika wathu, chotsani K150,000 pa K290,000, zitsala K140,000. Gawo limodzi mwa magawo anayi a K140,000 ndi K35,000. Msonkho wake ndi umenewo. Onani kuti 25 peresentiyo siigwira ndalama yonse, imagwira yokhayo imene yadutsa mzere. Antchito ena amakana ovataimu poopa kuti akadutsa mzere msonkho udya salale yonse, koma sizitero.

Penshoni imawerengedwa pa malipiro otsimikizika, amene munthu amadziwa kuti alandira mwezi uliwonse zivute zitani. Ovataimu imabwera mwezi uno, mwezi wamawa kulibe, n'chifukwa chake pa chitsanzochi tikutenga K260,000. Ngati mumapereka ndalama ina yokhazikika mwezi ndi mwezi pamwamba pa salale, mufunse kampani ya penshoni tsiku lolembetsa ngati ilowe nawo, ndipo yankho lawo likhale pa pepala. Lamulo la penshoni, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kulembedwanso mu 2023, limati wantchito asonkhe 5 peresenti ndipo bwana asonkhe 10 peresenti, osachepera apo. Wophika wanu adulidwa K13,000. Inu muikapo K26,000 yochokera m'thumba la bizinesi. Ku kampani ya penshoni kupita K39,000 m'dzina lake.

K26,000 imeneyi isaoneke pa mbali ya zodula wantchito, ngakhale kobiri limodzi. Alipo mabwana amene amadula 15 peresenti yonse pa salale ya munthu n'kumati asonkha penshoni. Kumeneko ndi kumubera wantchito, ndipo tsiku limene adzatengere mapepala ake ku ofesi ya zantchito pa boma, ndalamayo idzabwezedwa yonse.

Cholakwika china ndi chaching'ono m'maso koma n'chofala, makamaka kwa amene akopera kawerengedwe ka mayiko ena pa intaneti. Amayamba achotsa K13,000 ya penshoni, kenako n'kuwerengera msonkho pa K277,000. Kuno kwathu gawo la wantchito la penshoni silichepetsa ndalama yowerengera msonkho. Mukatero msonkho utuluka K31,750 m'malo mwa K35,000, kuperewera K3,250 pa munthu mmodzi mwezi umodzi. Kudziwa kwake n'kosavuta: tengani ndalama yonse, iwerengereni msonkho payokha, mufananize ndi zimene zalembedwa. Zikasiyana ndi gawo limodzi mwa anayi a penshoni ya munthuyo, vuto ndi limeneli. A MRA akadzafika kudzayendera mabuku sadzalondola wantchito, adzafunsa inu, chifukwa udindo wodula ndi kupereka PAYE ndi wa bwana.

Zotsala m'manja tsopano: K290,000 kuchotsa K35,000 ya msonkho, K13,000 ya penshoni ndi K40,000 ya adivansi, wophika atenga K202,000. Pa ngongole ndi adivansi samalani kuti zodula zisapose theka la malipiro a munthu, lamulo limakaniza. Ngati wina anakongola zambiri pa maliro, mugawireni miyezi ingapo. Ndipo aliyense azilandira peyisilipi yosonyeza ndalama yonse, chodulidwa chilichonse ndi dzina lake, ndi zotsala. Sizifuna makina. Kapepala kolemba pamanja ka makope awiri, iye asaine imodzi ikhale mu faelo yanu, kakwana. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umangosonyeza kuti ndalama inapita, sufotokoza kuti inawerengedwa bwanji.

Wothandiza kukanda ufa amene amalandira K140,000 sadulidwa msonkho pa magawo amenewa, koma penshoni adulidwa K7,000 ndipo inu muikapo K14,000. Mwezi umene wagwira ovataimu ya K25,000 afika K165,000, ndipo K15,000 yodutsa mzereyo ikhala ndi msonkho wa K3,750. N'chifukwa chake msonkho uyenera kuwerengedwa mwezi uliwonse, osati kukopera wa mwezi watha.

Nanga wophika uja amakutengerani zingati inuyo? Osati K260,000. Mwezi uno ndi K290,000, kuphatikiza K26,000 ya penshoni, kuphatikizanso ndalama ya TEVETA, yomwe ndi 1 peresenti ya salale yokhazikika ndipo imatoleredwa ndi a MRA. Imeneyinso ndi ya bwana yekha, pa iye ndi K2,600 pa mwezi mukamaisunga pang'onopang'ono. Zonse K318,600. Pamwamba pake pali inshulansi ya moyo, imene lamulo la penshoni limalamula bwana kugulira wantchito aliyense, yoti akamwalira ali pa ntchito banja lake lilandire ndalama yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Mtengo wake akuuzani ndi a kampani, nthawi zambiri pamodzi ndi mapepala a penshoni. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amalembetsa penshoni n'kuiwala inshulansi, mpaka tsiku limene achibale a malemu afika pakhomo kudzafunsa. Mtengo wa buledi ndi masikono anu muziuyika mukuganizira K318,600, osati K260,000.

Koma vuto lanu lenileni, mayi, lili pa mawu oti "ndalama yomwe tinagwirizana". Munagwirizana chiyani? Ngati munamuuza munthu kuti "ndizikupatsa K200,000", iye anamva kuti K200,000 ndi yolowa m'thumba. Mukayamba kudula pa ndalama imeneyo, msonkho ukhala K12,500, penshoni K10,000, ndipo apita kunyumba ndi K177,500. Lendi ku Chikanda kapena ku Mpondabwino siinatsike, ndiye musadabwe akakwiya. Njira inayo ndi kukweza salale kuti akadulidwa atsalebe ndi K200,000. Pa magawo amenewa salaleyo ikhala pafupifupi K232,150: msonkho pafupifupi K20,500, penshoni yake pafupifupi K11,600, zotsala K200,000. Inu ndiye muziwononga pafupifupi K257,700 pa iye, inshulansi isanalowe. Kusiyana kwake ndi zimene munazolowera ndi K57,700 pa munthu mmodzi.

Maganizo anga ndi oti ngati malonjezo anali a m'manja, muwasunge, kapena mugawane katunduyo pokambirana, osati kungodula mwakachetechete mwezi ukatha. Aitaneni onse sabata ziwiri malipiro asanafike, muwasonyeze pepala ngati ili, aone kuti pa K13,000 imene wophika akudulidwa inu mukuikapo K26,000 ndipo yonse ndi yake, adzapita nayo ngakhale atasiya ntchito pa bekale. Mukagwirizana lembani salale yatsopano pa kalata ya ntchito. Wolembedwa aliyense kuyambira lero muzimuuza salale isanadulidwe, ndipo mumuwerengere pomwepo zimene azitenga.

Za kulembetsa ndidutsa mwachangu. Ku ofesi ya MRA ya ku Zomba mupite ndi TPIN, nambala ya msonkho ya bizinesi yanu, mukalembetse ngati wolemba anthu ntchito, ndipo akuthandizani kulowa pa Msonkho Online komwe muzilemba malipiro a mwezi ndi mwezi. Penshoni musankhe kampani yovomerezeka ndi Reserve Bank, monga Old Mutual kapena NICO, mupite ndi zitupa za unzika za antchito ndi mayina a amene adzalandire ndalama iwo akamwalira. Za miyezi yam'mbuyo imene simunkadula muziulule nokha kumeneko mugwirizane kabwezedwe, chifukwa chilango chimakula ndi nthawi.

Tsiku loti mulisunge ndi la 14. PAYE ya mwezi uno iyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wamawa, ndipo ndalama ya penshoni iyenera kufika ku kampani pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Sabata ziwiri zimenezi ndi zimene zimagwetsa anthu. Ndalama yodulidwa imakhala mu akaunti ya bizinesi ngati yanu, ufa n'kukwera mtengo, mumati nditenge kaye ndibweza Lachisanu, ndipo pa 14 pafika mulibe. Penshoni ikachedwa bwana amalipira ndi chiwongola dzanja, pomwe wantchito amaona pa sitetimenti yake kuti miyezi ina ilibe kanthu ngakhale peyisilipi ikuti anadulidwa. Tsiku lomwelo lolipira antchito muzitumiza za msonkho ndi za penshoni, kapena muzisamutsire ku akaunti ina imene simugulira ufa. Pa wophika yekha uja ndi K35,000 ya MRA ndi K39,000 ya penshoni, K74,000. Werengani motero onse 6, muphatikize, ndipo nambala imeneyo muzikhala mutaipeza pofika pa 25 mwezi uliwonse. Risiti ya MRA ndi ya kampani ya penshoni muzizimata kumbuyo kwa pepala la malipiro a mwezi umenewo.