Yambani ndi funso la mayeso, zolinga zibwere pambuyo

"Akuluakulu, andipatsa kosi ya zipembedzo za padziko lonse, chaka choyamba ku koleji, masabata 14. Zolinga ndi silabasi ndiyambire pati? Nanga mabuku ndigule ati?"

Aphunzitsi, ena akuuzani kale kuti mungokopera silabasi ya pa intaneti. Musayerekeze. Ine ndinalandirapo kosi yokopera choncho pa koleji ina: zipembedzo 12, chilichonse sabata imodzi, cholinga chake n'chakuti "ophunzira amvetse ndi kuyamikira zipembedzo". Kuyamikira mungakuchonge bwanji? Pamayeso ana ankalemba kuti Buda ndi mulungu wa Abuda, mzikiti ndi tchalitchi cha Asilamu, koma panalibe pomwe ndikanaloza kuti cholinga chakuti sanachikwanitse.

Lembani kaye funso lomwe mukufuna adzayankhe kumapeto. Mwachitsanzo: munthu akamwalira chimachitika n'chiyani, malinga ndi Chihindu ndi Chibuda? Onse awiri amaphunzitsa za kubadwanso ndiponso kuti zochita za munthu zimamutsata. Koma Ahindu ambiri amati mwa munthu muli atimani, mzimu wosafa umene umasamukira m'thupi lina, pomwe Buda anakana kuti mwa munthu muli chinthu chosasintha chotero. Yemwe wagwira kusiyana kumeneku wakhoza. Ndiye cholinga chanu chikhale chakuti: pomaliza kosi, wophunzira athe kusiyanitsa zimene zipembedzo ziwiri zimaphunzitsa pa imfa, pogwiritsa ntchito mawu a eni akewo. Zolinga zotere zinayi kapena zisanu zakwana, chilichonse chikhale ndi asayimenti kapena funso lake. Chimene chikusowa funso chifufuteni.

Mukatero masabata savuta. Yoyamba ikhale ya mafunso omwe muzidzafunsa chipembedzo chilichonse: amati vuto la munthu n'chiyani, limatha bwanji, amapembedza motani, amatsogolera ndani. Yomaliza yobwereza. Pakatipo zipembedzo 6, masabata awiri chilichonse: cha makolo, Chihindu, Chibuda, Chiyuda, Chikhristu, Chisilamu. Chikhristu musayambe nacho, chifukwa ambiri m'kalasimo azidzayeza zina zonse ndi cha kwawo, kalasi n'kusanduka mtsutso wa pamsika. Lembaninso m'silabasimo kuti malikisi akuchokera pa kufotokoza molondola, osati kunena chipembedzo choona. Ndipo cha makolo musachiponye kumapeto ngati zotsalira. Nkhani ya Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, payokha imadya sabata yathunthu, ndipo ngati muli kufupi ndi Dedza atengereni ku Kungoni, ku Mua, akaone zigoba za Gule Wamkulu ndi maso awo.

Zowerenga, sankhani ndime zifupizifupi za m'Kurani, m'Baibulo ndi malemba enawo, zisapitirire masamba 60. Fotokope ikakhala K100 tsamba limodzi, ndiye aliyense K6,000. Zikachuluka agula awiri okha, ena onse azingojambula ndi foni osawerenga.