Mmene mungapemphere kasitomala wa Chingerezi kuti azikulemberani zomveka

"Ndine wosema ziboliboli kuno ku Mtakataka, m'boma la Dedza. Mayi wina wa ku Ulaya amene anagula katundu wanga atabwera kudzaona malo ku Mua tsopano akufuna kuoda zambiri, ndipo timalankhulana pa WhatsApp. Amatumiza mauthenga ambirimbiri nthawi imodzi, ena ojambula mawu, pomwe ine sukulu ndinalekezera sitandade 8. Ndingawauze bwanji m'Chingerezi chosavuta kuti chinenerochi sindichidziwa bwino, ndiponso kuti azilemba pang'onopang'ono, popanda kutaya kasitomala?"

Bambo, muwauze lero lomwe, nkhani ya mitengo ndi masiku isanafike patali, ndipo muwauze m'mawu ochepa. Uthenga umene ndingakulangizeni kutumiza ndi uwu, ndipo muukopere monga momwe ulili:

```
Hello madam. My English is not very good.
I can read simple English.
Please write short sentences.
Please ask one question in one message, and wait for my answer.
Please write. Do not send voice messages.
Thank you.
```

Mzere woyamba ukunena kuti Chingerezi chanu si chabwino kwenikweni, ndipo ukuthera pomwepo, popanda kupepesa. Ambiri a ife tikafika apa timachulutsa gaga m'diwa: timafotokoza kuti makolo analibe fizi, kuti ndife osauka, kuti atikhululukire. Ulemu wotere ndi wabwino pamaso pa mfumu, koma kwa munthu amene akufuna kukutumizirani ndalama umadzutsa funso limene analibe, lakuti kodi munthuyu akwanitsadi ntchitoyi? Mayiwo anagwira chiboliboli chanu ndi manja awo, anachikonda, nalipira. Luso lanu analiona kale, ndipo chimene akufunika kudziwa tsopano ndi njira yolankhulira nanu basi. N'chifukwa chake mzere wachiwiri ukunena chimene mumatha, chomwe ndi kuwerenga Chingerezi chosavuta, kuti asaganize zofuna womasulira kapena kupita kwa wosema wina.

Mizere yotsatirayo ndi imene ili ndi ntchito yaikulu. Mukangowauza kuti alembe pang'onopang'ono, iwo sadziwa chochita, pakuti uthenga wolembedwa umafika wonse pamodzi, kaya mwini wake anaulemba mothamanga kapena modekha. Chimene chikukusautsani ndi kutalika kwa ziganizo, ndi mafunso anayi okhala mu uthenga umodzi, ndi uthenga wachisanu umene ukulowa inu mukadali kusinkhasinkha woyamba. Choncho pempho liyenera kutchula zinthu zimene munthu angathe kuchita ndi zala zake: ziganizo zifupizifupi, funso limodzi pa uthenga umodzi, ndi kudikira yankho asanafunse lina. Munthu wanzeru akauzidwa zimenezi amasintha nthawi yomweyo, chifukwa nayenso amatopa kufunsa zinthu zinayi n'kuyankhidwa chimodzi.

Za mauthenga a mawu ndikuumirira kwambiri kuti muwakane. Uthenga wolembedwa mungauwerenge kangapo, mungafufuze liwu limodzi m'dikishonale, ndiponso mungauonetse kwa mphunzitsi wa pasukulu yapafupi madzulo. Uthenga wa mawu pa WhatsApp mungaufulumizitse pa `1.5x` kapena `2x`, koma simungauchedwetse kuposa mmene mwini wake analankhulira. Komanso Chingerezi chili ndi manambala amene amamveka mofanana m'khutu, monga 13 ndi 30, kapena 15 ndi 50, makamaka foni ikamalira pamalo pamene anzanu akugogoda nkhuni ndi sompho. Wosema amene wamva 50 pomwe ananena 15 wawononga mitengo ndi masabata a ntchito pa katundu amene palibe anamuitanitsa.

Tsopano tiyerekeze kuti mayiwo avomera, ndipo mawa lake alemba chonchi:

```
I need 12 bowls, 8 inches wide, by 05/06.
```

Uthengawu ndi waufupi monga munapempha, mawu ake ndi osavuta, ndipo mukuumva: akufuna mbale 12. Komabe muli misampha iwiri imene ilibe chochita ndi sitandade imene munalekezera. Woyamba ndi muyeso. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, kotero mainchi 8 ndi masentimita 20 ndi pang'ono. Ngati tepi yanu mumaiwerenga mbali ya masentimita, n'kusema mbale ya masentimita 8, mutulutsa kambale kokwana m'chikhatho pomwe iwo akuyembekezera mbale yoikamo zipatso. Wachiwiri ndi tsiku. Kuno ku Malawi, monganso ku Britain ndi maiko ambiri a ku Ulaya, timayamba ndi tsiku kenako mwezi, ndiye 05/06 ndi pa 5 Juni. A ku America amayamba ndi mwezi, ndipo kwa iwo 05/06 ndi pa 6 Meyi. Kusiyana kwake ndi pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo inu mukudziwa kuposa ine chimene chimachitika ndi mbale yosemedwa pa mtengo wosauma bwino chifukwa chothamangira tsiku: imang'aluka ikafika m'nyumba ya mwini wake.

Mankhwala ake ndi kubwereza zimene mwamva m'mawu anuanu, manambala m'zilembo za manambala, mwezi ndi dzina lake, kenako n'kufunsa ngati zili choncho:

```
I understand this:
12 bowls.
Each bowl 20 cm wide.
Ready on 5 June.
Is this correct? Please answer yes or no.
```

Uthenga umenewu ndi wofunika kuposa woyamba uja, ndipo muziutumiza nthawi iliyonse pamene patchulidwa chiwerengero, muyeso, tsiku kapena ndalama. Pa ndalama muzilemba dzina lake nthawi zonse, kaya ndi `MWK` ya kwacha, `EUR` ya yuro kapena `USD` ya dola ya ku America, chifukwa nambala yokhayokha aliyense amaiwerenga m'ndalama ya kwawo. Musamale ndi kadontho: anthu a ku Germany ndi maiko ena angapo a ku Ulaya akalemba 1.500 amatanthauza chikwi chimodzi ndi mazana asanu, zimene ife timalemba 1,500. Mukakayika, lembani 1500 popanda chizindikiro chilichonse pakati. Akayankha kuti inde, yankho limenelo limatsala m'foni ngati umboni wa zimene munagwirizana, ndipo tsiku lolipira palibe amene angatembenuke.

Pali cholakwika china chimene chimatigwera ife olankhula Chichewa, ngakhale amene anafika fomu 4. Munthu akatifunsa kuti, "Simunamalize?" timayankha kuti, "Inde," kutanthauza kuti inde, sitinamalize. M'Chingerezi yankho limatsata chochitikacho, osati mmene funso lafunsidwira. Mayiwo akalemba `You haven't finished yet?` inu n'kuyankha `Yes`, iwo angamve kuti mwamaliza, n'kutumiza munthu kudzatenga katundu amene sanapakidwe ndi polishi yomwe. Njira yosavuta ndiyo kusayankha ndi liwu limodzi lokha. Lembani chiganizo chonse, monga `I have not finished. I will finish on 2 June.` Pamenepo palibe chosokoneza, kaya funso linabwera mozondoka kapena ayi.

Chomwechonso musalembe `OK` pa uthenga umene simunaumve. Ndikudziwa chifukwa chake timatero: timaopa kuoneka ovuta, ndipo mwambo wathu sutilola kufunsa mlendo kawiri. Koma kwa wowerengayo liwu limenelo ndi kuvomera zonse zimene analemba, kuphatikizapo mwina zakuti mtengo wotumizira katundu ulipiridwa ndi inu. Ngati liwu limodzi lakuvutani, dinikizani uthengawo ndi chala mpaka pabwere kamuvi koyankhira, kuti yankho lanu limamatire pa uthenga womwewo, kenako lembani chimodzi mwa izi:

```
I do not understand this word: ______
Please say it in a different way.
Please send a picture.
```

Kupempha kuti anene m'njira ina kumathandiza kuposa kupempha kuti abwereze, chifukwa wobwereza amangobweza mawu omwewo amene anakuvutani poyamba. Chithunzi nacho chimathetsa zambiri pa ntchito ngati yanu. Akajambula pa pepala mbale imene akufuna, inu n'kujambula yoyamba mutaika tepi pamwamba pake manambala akuoneka, mwamvana popanda chiganizo ngakhale chimodzi chachitali. Mawu ofupikitsidwa monga `ASAP`, amene amatanthauza msangamsanga, muziwafunsa chimodzimodzi, ndipo muzipempha tsiku lenileni, popeza msangamsanga wa munthu wina ndi mawa, wa wina ndi sabata ziwiri.

Mwina muli ndi mwana kapena mphwanu amene amadziwa bwino Chingerezi, ndipo mukuganiza zomupatsa foni kuti azilemba m'malo mwanu. Kukuthandizani kuwerenga ndi kwabwino, koma asakongoletse uthenga. Anthu amayankha molingana ndi Chingerezi chimene alandira. Mayiwo akalandira kalata yaitali ya mawu akuluakulu, adzaona ngati munkangodzichepetsa, ndipo adzabwerera ku ziganizo zawo zazitali tsiku limene mphwanuyo wapita ku Lilongwe, inu muli nokha ndi foni. Ndi bwino kuti mauthenga onse ochokera kwa inu akhale a msinkhu umodzi, umene inuyo mungauwerenge ndi kuuteteza. Ngati wina wakuthandizani pa nkhani yovuta, monga ya mapepala otumizira katundu kunja, onjezani mzere wakuti `My brother helped me to write this message.`

Mudzadziwa kuti pempho lanu lagwira ntchito poona mauthenga atatu kapena anayi otsatira: akakhala afupi, a funso limodzi, ndiye kuti amva. Koma yembekezerani kuti pakapita masabata angapo adzaiwala, makamaka pamene akondwa kapena pamene china chawadetsa nkhawa, pakuti munthu aliyense amathamanga m'chinenero chake mtima ukakwera. Kumeneko si kukunyozani, ndipo sipafunika kufotokozanso zonse kuyambira pachiyambi. Lembani `Please remember: short sentences, one question.` kenako yankhani mafunso awo limodzilimodzi, lililonse pa uthenga wakewake pogwiritsa ntchito kamuvi kaja. Ngati mukufuna nthawi yoti muwerenge bwinobwino kapena kufunsa wina, musangokhala chete, chifukwa iwo amaona timizere tiwiri ta buluu tosonyeza kuti mwawerenga, n'kuyamba kuganiza kuti mwasintha maganizo. Auzeni kuti `I need time to read. I will answer at 18:00.` Mulembe nthawi m'manambala a maola 24 monga momwemo, ndipo ngati mukufuna kuti pasakhale chikayiko onjezani `Malawi time`, popeza maiko ambiri a ku Ulaya amasintha mawotchi awo kawiri pa chaka pomwe ife sitisintha. Ikakwana 18:00 muyankhe ndithu, ngakhale yankho lake litakhala lakuti mukufunikabe tsiku lina.