Myuteksi ndi kiyi, semafo ndi mbale ya zotsekera mabotolo

"Achimwene, ndimathandiza kopaletivi ya alimi a soya kuno ku Santhe. Ndinalemba kapulogalamu mu C: masikelo awiri amatumiza kulemera kwa thumba, aliyense ali ndi thiredi yake, ndipo thiredi yachitatu imatenga manambalawo n'kusindikiza lisiti. Ndinaika myuteksi imodzi, zikuyenda ndithu, koma fani ya laputopu ikulira tsiku lonse ndipo batire silikuchedwa kutha. Mnzanga akuti ndiike semafo, komanso akuti semafo yoyambira pa 1 ndi myuteksi yomweyo. Ngati n'chimodzimodzi, kusinthako kundithandiza chiyani?"

Achimwene, khodi yanu sindinaione, koma kulira kwa faniko kwandiuza kale zomwe zili m'menemo. Thiredi yosindikiza ikutseka myuteksi, kusuzumira ngati mwabwera kanthu, kupeza mulibe, kutsekula, n'kubwereza pompo, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Lembani `top -H` pa tsiku lopanda alimi, muona thiredi imodzi yakakamira pafupi ndi 100%. Myuteksi yanu ilibe mlandu. Ntchito yake n'kuletsa awiri kulowa pamodzi, ndipo ikuigwira. Kudikira mpaka thumba libwere ndi ntchito ina, imene myuteksi siidziwa.

Tiyerekeze ndi kanyumba kosungira katundu pa depoti yanuyo, kokhala ndi malo a matumba 4 okha. Kali ndi kiyi mmodzi. Wolowa amatenga kiyi, akatuluka iye yemweyo ndi amene amabweza. Myuteksi ndi imeneyo: ili ndi mwini pa nthawi imene yatsekedwa. Koma kiyi sakuuzani ngati m'katimo muli thumba kapena muli malo. Kuti mudziwe, mpaka mutsekule n'kusuzumira, zomwe pulinta yanu ikuchita osapuma.

Tsopano ikani mbale ziwiri pakhomo. Mbale yoyamba muikemo zotsekera mabotolo 4, kuimira malo opanda kanthu. Yachiwiri ikhale yopanda kanthu, ndiyo yowerengera matumba amene alowa. Wobweretsa thumba ayambe watola chotsekera m'mbale yoyamba. Akapeza mulibe, akhale pansi pa mtengo mpaka wina aponyemo. Akaika thumba, chotsekeracho aponye m'mbale yachiwiri. Wotenga thumba amachita mobwerera: amatola m'mbale yachiwiri, n'kuponya m'mbale yoyamba. Mbale iliyonse ndi semafo. Taonani kuti woponya m'mbale si amene amatolamo. Semafo ilibe mwini, ndi nambala chabe imene wina amatsitsa, wina n'kukweza, ndipo wofuna kutsitsa ikakhala pa 0 amagonekedwa.

Nzeruyi ndi ya Edsger Dijkstra wa ku Netherlands, amene anaifotokoza mu 1965 ali ku Eindhoven. Kutola anakutcha P, kuponya V, ndipo vuto lanu la masikeloli ndi lomwe iye anagwiritsa ntchito pophunzitsa, lija m'mabuku amati la pulodyusa ndi konshuma. Ine ndizingoti woika ndi wotenga. Pa Linux P ndi `sem_wait`, V ndi `sem_post`. Kanyumbako pa chingerezi cha makompyuta amati bafa, koma dzinali ndilisiya lingatisokoneze ndi kosambira. Mu khodi kanyumbako ndi `buf`, kiyi ndi `m`, mbale yoyamba ndi `empty`, yachiwiri ndi `full`, `in` ndi malo oikapo, `out` ndi malo otengapo.

```c
sem_init(&empty, 0, 4);
sem_init(&full, 0, 0);
```

Thiredi ya sikelo iliyonse izichita izi:

```c
sem_wait(&empty);
pthread_mutex_lock(&m);
buf[in] = kg;
in = (in + 1) % 4;
pthread_mutex_unlock(&m);
sem_post(&full);
```

Ndipo ya pulinta:

```c
sem_wait(&full);
pthread_mutex_lock(&m);
kg = buf[out];
out = (out + 1) % 4;
pthread_mutex_unlock(&m);
sem_post(&empty);
print_receipt(kg);
```

Tiyendetse ndi manambala. M'mawa `empty` ili pa 4, `full` pa 0. Pulinta yafika pa `sem_wait(&full)`, yapeza 0, yagona. Kugona kwake ndi kwenikweni, pulosesa siyiwerengeranso nthawi, ndipo fani yanu iti zii. Tinene kuti lisiti loyamba lili m'kati, pepala latha, ndipo kalaliki wapita kukasaka lina. Masikelo sakuima: 50.2 yalowa, kenako 49.8, 51.0 ndi 50.5. Apa `empty` yatsika kufika 0, `full` yakwera kufika 4. Thumba la makilo 48.9 likafika, thiredi ya sikelo igona pa `sem_wait(&empty)`, nambala yake ili m'manja, osafufuta ya wina. Pepala labwera, pulinta yatsitsa `full` kufika 3, yatenga 50.2, yaitana `sem_post(&empty)`, ndipo sikelo ija yadzuka n'kuika 48.9 pa malo omwe angotsekukawo. Amene wadzutsa sikelo ndi pulinta, thiredi ina, ndipo palibe lamulo laswedwa.

Yesani kuchita zomwezo ndi myuteksi, yoti sikelo itseke pulinta idzatsekule. Malamulo a POSIX amati kutsekula myuteksi wamba imene simunatseke inu, zotsatira zake sizitsimikizika. Lero zitha kuyenda, pa kompyuta ina n'kukana. Mukaipanga ya mtundu wa `PTHREAD_MUTEX_ERRORCHECK`, ikukanizani poyera ndi `EPERM`. Pamenepa ndi pomwe mnzanu uja waphonya. Semafo yoyambira pa 1 imathadi kuletsa awiri kulowa pamodzi, ndipo Dijkstra mwiniwake ankatero. Koma siidziwa amene ali m'kati. Thiredi iliyonse itha kuitana `sem_post`, ndipo wina akalakwitsa n'kuitana kawiri, nambala ifika 2, makiyi akhala awiri, popanda chokuchenjezani. Myuteksi, poti imadziwa mwini, imatha kugwira thiredi yomwe ikufuna kutseka kawiri, imathanso kukweza kaye udindo wa mwiniyo ngati thiredi yofunika kwambiri ikumudikira. Chombo cha Mars Pathfinder mu 1997 chinkangozima n'kuyakanso chokha chifukwa kukweza udindoku kunali kosayatsidwa pa loko wina, mpaka akatswiri anakuyatsa ali pansi pano. Pa semafo yowerengera simungachite zimenezo, chifukwa palibe woti mumukweze.

Mwina mukuti, ndiye ndichotse myuteksi, mbale ziwiri zakwana. Mukanakhala ndi sikelo imodzi ndikanavomera: `in` akanamugwira woika yekha, `out` wotenga yekha, ndipo masemafo awiriwo sawalola kukumana pa malo amodzi. Koma muli ndi masikelo awiri, ndipo apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa cholakwika chake n'chobisika ndipo chimakhudza ndalama za anthu.

Tinene `in` ali pa 2 ndipo `empty` ili ndi zotsekera zokwanira. Masikelo onse awiri atumiza nthawi imodzi, wina 50.1 wina 47.6. Onse adutsa pa `sem_wait(&empty)` bwinobwino, poti malo alipodi a awiri. Semafo yangonena kuti malo alipo, sinanene kuti ako ndi awa, ako ndi awo. Onse awerenga `in` n'kupeza 2, onse alemba mu `buf[2]`, wachiwiri wafufuta woyamba, onse aika `in` pa 3. Kenako aliyense aitana `sem_post(&full)`. Pulinta yauzidwa kuti muli awiri. Itenga `buf[2]`, n'kutenganso `buf[3]`, momwe muli nambala yakale ya ulendo wapita. Mlimi wa 50.1 lisiti lake lasowa, ndipo patuluka lisiti la thumba lomwe linalipidwa kale. Choipitsitsa n'chakuti `out` tsopano wadumpha `in` ndi malo amodzi ndipo sabwerera yekha. Kuyambira pamenepo pulinta ikamatenga nambala iliyonse ikangolowa, izitulutsa kulemera kwa thumba lomwe linadutsa matumba atatu apitawo. Popeza matumba ambiri amazungulira pa makilo 50, tsiku litha kutha wina osazindikira, mpaka madzulo powerengetsa ndi buku la kalaliki. Myuteksi ndi imene imachititsa kuti kulemba mu `buf[in]` ndi kusuntha `in` zikhale ntchito imodzi yosadukizidwa.

Ndiye zitatu zonsezo zikhalepo, komanso mu ndondomeko imene ndalembayo. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri kwa ophunzira, ndipo inenso ndinachichitapo ndikuyamba kumene, n'kusinthanitsa mizere iwiri yoyamba:

```c
pthread_mutex_lock(&m);
sem_wait(&empty);
```

Zimaoneka zaulemu, kutseka kaye usanagwire chilichonse. Poyesa kunyumba zimayenda bwino, chifukwa kanyumbako sikadzaza. Tsiku la msika pepala likatha, malo 4 adzaza, sikelo itenga kiyi, ipeza mbale ya `empty` mulibe kanthu, igona kiyi ali m'thumba. Pulinta itola chotsekera chake m'mbale ya `full`, ifika pakhomo, kiyi palibe, nayo igona. Yekhayo amene akanaponya m'mbale ya `empty` ndi pulintayo, ndipo yatsekeredwa panja ndi amene akuidikira. Sikelo yachiwiri nayo ikhala pa mzere wa kiyi. Iyi ndiye dediloko. Zizindikiro zake n'zosiyana ndi vuto lanu la lero: pulogalamu siigwa, siilemba uthenga uliwonse, `top -H` imaonetsa mathiredi onse pa 0%. Lumikizani `gdb -p` ndi nambala ya pulogalamuyo, mulembe `thread apply all bt`. Mukaona imodzi ili mu `sem_wait` ndipo zinazo zili mu `pthread_mutex_lock`, wogona ndi kiyi mwamupeza. Mizere iwiri yakumapeto, kutsekula ndi `sem_post`, mutaisinthanitsa sizikanika, chifukwa `sem_post` sigoneka munthu. Kungoti mutha kudzutsa mnzanu n'kukapeza khomo likadali lotseka.

Pa chifukwa chofananacho `print_receipt` ndaiika panja pa myuteksi. Pulinta ndi yochedwa, ndipo ikamasindikiza kiyi ali m'manja, masikelo onse awiri aziima pa lisiti lililonse, kanyumba ka malo 4 kaja n'kukhala kopanda ntchito.

Pali njira ina yotchuka, myuteksi pamodzi ndi `pthread_cond_wait`, ndipo kudikirako kukakhala pa chinthu chovuta kuposa kuwerenga, monga "dikira mpaka matumba a mlimi mmodzi akwane", ine ndimasankha imeneyo. Zanuzi ndi kuwerenga basi, choncho masemafo akwana.

Kanthu kamodzi musanakaike pa depoti: `sem_wait` itha kubwerera isanatole chotsekera, ngati siginolo yaidukiza. Imabweza -1 ndipo `errno` amakhala `EINTR`. Mukapanda kuona zimenezi, thiredi ilowa ngati yatola pomwe sinatole, ndipo malisiti akale aja ayambanso kutuluka ngakhale myuteksi ilipo. Paliponse pamene ndalemba `sem_wait` muikepo chonchi:

```c
while (sem_wait(&full) == -1 && errno == EINTR)
    ;
```

Poyesa, chotsani dala pepala mu pulinta, mupime matumba 6 kapena 7 motsatizana pa masikelo onse awiri, mubwezere pepalalo, kenako muwerenge malisiti ngati akwana ndiponso ngati makilo ake akugwirizana ndi omwe munalemba pamanja.