Katundu akabwerera m'sitolo, kirediti noti ilembedwe bwanji kuti mabuku ndi sitoko zigwirizane?

"Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira pa boma la Mangochi ndipo ndinalembetsa msonkho wa VAT. Mmisiri wina amene akumanga ku Monkey Bay anatenga zitini 20 za penti pa K40,000 chimodzi, msonkho usanawonjezeredwe, ndipo invoisi yonse inakwana K932,000. Analipirako K700,000. Patatha sabata ziwiri wabweza zitini 6: zinayi n'zosatsegula, koma ziwiri anapeza penti wake atauma. Chitini chilichonse ndinaoda pa K30,000. Kodi ndingokonza manambala pa invoisi yakale n'kumupatsa chenji? Nanga zitinizi ndizilembe pati?"

Bambo, invoisi yakaleyo musaikhudze. Kope lake lina lili m'manja mwa mmisiriyo, msonkho wake unawerengedwa kale, ndipo mukafufuta nambala imodzi pa kope lanu mudzakhala ndi mapepala awiri a nambala yofanana onena zinthu zosiyana. Invoisi ikunena zoona za tsiku limene zitini 20 zinatuluka. Zimene zachitika pambuyo pake zikufunika chikalata chakechake, ndipo chikalatacho ndi kirediti noti, imene ntchito yake ndi kuchepetsa ngongole ya wogula popanda kusintha invoisi.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse n'chakuti pamene mmisiriyo anatsitsa zitini pakhomo panu panachitika zinthu zitatu zosiyana: ngongole yake inachepa, katundu analowa m'sitolo, ndipo mwina ndalama ziyenera kutuluka. Kirediti noti imakonza choyamba chokha. Ambiri amalemba chimodzi mwa zitatuzi n'kuganiza kuti zina zija zatsatira zokha, ndipo n'chifukwa chake pakutha pa mwezi buku limanena zina pamene mashelefu akunena zina.

Tiyambe ndi kirediti notiyo. Ikhale ndi nambala yake yochokera m'buku la manambala otsatizana, tsiku limene katundu wabwerera, dzina la wogula, nambala ndi tsiku la invoisi imene ikuchepetsedwa, chifukwa chobwezera, ndiponso siginecha yanu ndi ya wobwezayo. Pamtengo, mulemba zitini zonse 6 pa K40,000, zimene zikukwana K240,000, chifukwa wogula alibe mlandu pa penti wouma uja. Invoisi yanu ikuonetsa kuti pa K800,000 munawonjezera K132,000, kutanthauza kuti msonkho unali pa 16.5 peresenti, choncho pa K240,000 msonkho wake ndi K39,600, ndipo kirediti noti yonse ndi K279,600. Mtengo ndi mlingo wa msonkho zitengedwe pa invoisi yoyambayo, osati pa mitengo ya lero. Ngati penti wakwera m'sabata ziwirizi, kapena ngati munamuchotserako mtengo pogula, mumubwezera zimene munamulipiritsa basi.

M'mabuku, K240,000 ilowe patsamba la malonda obwezedwa, K39,600 ichotsedwe pa msonkho umene munatolera, ndipo K279,600 ichotsedwe pa akaunti ya mmisiriyo. Ine ndimakonda kuti malonda obwezedwa akhale ndi tsamba lawolawo m'malo mongochepetsa malonda, chifukwa ndi tsambali limene lidzakuuzeni kuti penti wa mtundu wina akubwerera kawirikawiri. Msonkhowo musauiwale: wolemba K240,000 yokha amapereka ku MRA K39,600 ya katundu amene sanagulitse. Ndipo popeza kugulitsaku kunadutsa m'makina a malisiti a msonkho, kubwezaku kudutsenso momwemo monga mwa ndondomeko ya MRA, kuti zimene makina akunena zifanane ndi zimene mukulemba pa fomu ya mwezi umene katundu wabwerera.

Tsopano onani chimene chikuchitika pa akaunti yake. Pa K932,000 analipira K700,000, ndiye ngongole inali K232,000. Mukachotsapo K279,600, ngongole yatha ndipo inuyo ndi amene mwatsala ndi K47,600 yake. Imeneyi yokha ndiyo ndalama yobweza. Ngozi ili poti wogulitsa wanu akaona K279,600 pa kirediti noti akhoza kutsegula kabati n'kupereka yonseyo, pamenenso buku lachotsa ngongole, ndipo mmisiriyo adzakhala atabwezeredwa K232,000 kawiri. Mugwirizane naye: ngati abweranso kudzatenga simenti kapena malata, K47,600 ikhale pa akaunti yake kuti idzachotsedwe pa invoisi yotsatira, ndipo ngati akuifuna m'manja, ilembedwe payokha m'buku la ndalama zotuluka, ndi nambala ya kirediti noti pambali pake, iye asainire. Mukatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, lembani nambala ya uthenga wotsimikizira. Mukangoitapa pa ndalama za malonda a tsikulo osalemba, madzulo kabati idzaperewera K47,600 popanda wodziwa kumene yapita.

Pa sitoko ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa manambala ake safanana ndi a pa kirediti noti, ndipo sayenera kufanana. Wogula wachotseredwa zitini 6, koma zobwerera pa shelefu ndi 4. Munthu wosunga katundu aziwerenge, azione chimodzichimodzi, ndipo alembe kapepala kolandirira katundu wobwerera kosonyeza kuti zinayi n'zabwino, ziwiri n'zowonongeka. Kirediti noti ilembedwe kuchokera pa kapepalaka, osati pa mawu a wogula pafoni, apo ayi mudzachotsa ngongole ya zitini zimene zikadali ku Monkey Bay.

Zinayi zabwinozo zilowe pa khadi la sitoko pa mtengo umene munaodera, K30,000 chimodzi, zonse K120,000, ndipo ndalama yomweyo ichotsedwe pa mtengo wa katundu wogulitsidwa. Mukazilowetsa pa K40,000, sitoko yanu idzaoneka yokwera ndi K40,000, ndipo mabuku adzasonyeza phindu pa zitini zimene zangokhala pa shelefu. Ziwiri zowonongekazo, zimene munaoda pa K60,000, ziikidwe padera ndipo zilembedwe patsamba la katundu wowonongeka. Ngati amene munaodako avomera kuzilandira, iwo adzakulemberani kirediti noti yawo, ndipo inu mudzachepetsa ngongole yanu kwa iwo pamodzi ndi msonkho umene munawerengera pogula. Akakana, K60,000 imeneyo ndi ndalama yotayika ya mwezi uno.

Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta, samalani apa: mapulogalamu ambiri akalandira kirediti noti ya zitini 6 amabwezera zonse 6 mu sitoko yogulitsa. Mukapanda kuchotsa ziwirizo ndi chikalata chowongolera sitoko, tsiku lowerenga katundu zidzasowa zitini ziwiri, ndipo maso onse adzapita kwa mnyamata wa m'sitolo amene sanabe kanthu. Chimenechi chimandipweteka kwambiri, chifukwa munthu amatha kuchotsedwa ntchito kaamba ka mzere umene mwini sitolo sanalembe.

Kuti mudziwe ngati zonse zalowa bwino, werengerani phindu la malonda amenewa m'njira ziwiri. Malonda otsala ndi K560,000. Zitini zimene sizinabwerere pa shelefu ndi 16, ndipo pa K30,000 zikukwana K480,000, ndiye phindu ndi K80,000. Njira inayo: zitini 14 zimene mmisiriyo wasunga zakupatsani K10,000 chilichonse, zonse K140,000, ndipo mukachotsa K60,000 ya zowonongeka mutsala ndi K80,000 yomweyo. Mukapeza K140,000 pomwe oodetsa sanakubwezereni kanthu, ndiye kuti zitini zouma zija zikuwerengedwabe ngati zogulitsika, ndipo mukapeza K120,000, ndiye kuti zinayi zija zalowa pa mtengo wogulitsira.