Mameseji a kuntchito usiku, ine zinandipeza mwana ali pa diripi

*"Abale ndithandizeni nzeru. Ndimaweruka 5 koloko koma mameseji a kuntchito amangolowabe pa WhatsApp mpaka 10 koloko usiku, abwana ndi anzanga omwe. Bambo a kunyumba ayamba kudandaula. Ndikasiya kuyankha sandichotsa ntchito?"*

Achemwali, amene akukuuzani kuti mungothimitsa data basi sanakumane nazo. Kukhala chete kokha sikuthandiza, chifukwa mawa m'mawa mukawapeza akudikirirani ndi nkhope zokwinya, ndipo inu mulibe poyambira popeza simunawauzepo kanthu. Ine ndinagwira ntchito ya sitolo pa kampani ina yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Kanengo, ndipo gulupu ya ofesi imeneyo inandidyera mtendere mpaka ndinayamba kudzidzimuka foni ya munthu wina ikalira mu minibasi.

Choyamba dziwani kuti mameseji ambiri a usikuwa si a changu ayi. Ndi a anthu amene sanagwire ntchito yawo masana. Kwathu kunali manijala wa zogulitsa amene tsiku lonse amangozungulira m'tauni, kenako akafika kwawo, wasamba, wadya, wakhala pa mpando, m'pamene amakumbukira kuti galimoto ya ku Kasungu inyamuka m'mamawa ndipo sakudziwa kuti makatoni a mafuta ophikira atsala angati. Ndiye amalemba mu gulupu. Nambala imeneyo ili pa khadi la katundu, khadi lili m'sitolo, sitolo ndakhoma, kiyi ali kwa alonda. Koma amafuna ndiyankhe kuchokera m'mutu, ndipo ndikaphonya katoni imodzi mawa mlandu ndi wanga, amvekere "inu munanena nokha, onani meseji yanu iyi." Ichi n'chimene anthu sachiona: yankho la usiku lopereka mutatopa, mulibe mapepala pafupi, limasanduka umboni wokutsutsani masana.

Tsiku limene zinandikwana, mwana wanga wamng'ono anatentha thupi madzulo, ndipo tikudya anayamba kukomoka, maso kutembenuka, timanja kuuma. Bambo ake anali kumudzi kumaliro. Magetsi anali atazima kuyambira masana, foni yanga yatsala pang'ono kuthima. Ndinamubereka, aneba anandipezera kabaza wa njinga yamoto, mpaka kuchipatala. Anamuyeza, malungo, anamuika diripi. Ine ndakhala pansi pa simenti pambali pa bedi, chitenje chonyowa ndi masanzi, dzanja limodzi ndagwira kamwendo kake kuti asatukule singano, dzanja lina ndagwira foni kudikira kuti bambo ake atumize ndalama ndi kundiuza ngati apeza galimoto. Ndinayatsa data kuti ndione meseji yawo. Foni inangoti ngwe ngwe ngwe osalekeza, gulupu ya ofesi. Chala chinagunda pa gulupuyo ikutsegula. Basi, kwatha, olemba mameseji onse aona kuti ndawerenga.

Manijala uja analemba dzina langa mu gulupu ya anthu onse, madalaivala ndi abwana akulu omwe ali momwemo, amvekere "tikukuonani kuti mwawerenga, tiyankheni, ena tikugwira ntchito." Ndinalemba kuti ndili kuchipatala mwana wakomoka. Mukudziwa chimene anayankha? "Pepani, koma ingotiuzani nambala yokha." Nambala yokha! Kenako anatumiza mawu ojambula aatali, ine osatha kuwamvera m'wodi muli ana akulira, kenako anayamba kuimba. Anaimba mpaka foni inathima, ndipo bambo a mwana atayesa kundipeza sinapezeke. Anayenda usiku wonse osadziwa ngati mwana ali moyo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, osati chifukwa cha manijala yekhayo, koma anzanga onse aja amene anali mu gulupu, amene ndinkadya nawo nsima pa nkhomaliro, palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba kuti asiyeni mayiwa. Anangoti zii. Wina anadzandiuza pambuyo pake kuti "tinkaopa." Galimoto ija inanyamuka bwinobwino m'mawa, wothandiza wanga atawerenga makatoni m'mphindi zochepa. Palibe chimene chikanaonongeka.

Nditabwerera kuntchito ndinapeza mameseji oipa aja atafufutidwa, pangotsala mawu oti meseji yachotsedwa. WhatsApp imalola munthu kufufuta zimene walemba kwa aliyense kwa masiku pafupifupi awiri. Ndiye mukalandira meseji yachipongwe kapena yokulamulani ntchito usiku, ijambuleni nthawi yomweyo, nthawi ndi tsiku zioneke. Muonenso ngati gulupu yanu sanaiikire `Disappearing messages`, chifukwa akatero zonse zimazimiririka zokha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Kamodzi pa mwezi tsegulani gulupuyo, pitani pa `Export chat` mudzitumizire pa imelo yanu yanuyanu, osati ya kampani.

Za foni zimene anthu amalangizana muno, zina n'zosakwanira. Kuchotsa `Read receipts` kumabisa tizizindikiro tabuluu pa macheza a anthu awiri okha. Mu gulupu sizigwira, wolemba amaonabe kuti ndani wawerenga ndipo nthawi yanji. Ndi mmene anandigwirira ine. `Mute` nayo ili ndi chibowo: munthu akakutchulani dzina ndi @ kapena akayankha meseji yanu, foni imalirabe. Chimene chimathandizako ndi `Archive`, mutaonetsetsa kuti `Keep chats archived` ndi yoyatsa. Ikatero gulupu imakhala kuseri osakuonekerani, koma nayonso munthu akakutchulani dzina kapena akayankha meseji yanu, foni imalirabe. Ngati foni yanu ili ya malaini awiri, ndi bwino koposa kuti nambala ya kuntchito ikhale ina, ya abale ina. Kuyambira 2023 WhatsApp imalola maakaunti awiri pa foni imodzi ya Android. Vuto ndi loti ambirife tinapereka kale nambala yathu yakale tsiku lolembedwa ntchito, yomwe ilinso ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndiye chophweka ndi kugula laini yatsopano ya abale apamtima, yakaleyo muisiyire ofesi.

Koma zonsezi muchite mutayamba mwalankhula, ndipo mulankhule masana, tsiku limene palibe mkangano, kwa abwana anu nokha awiri, osati mu gulupu pamene adzafuna kuonetsa mphamvu. Musakayambe ndi "ufulu wanga." Muyambe ndi ntchito. Mukatha kulankhula mutumize kameseji kuti pakhale cholembedwa, monga: "Bwana, monga tinakambirana, ndizitumiza lipoti la tsiku ndisanaweruke. Ikakwana 6 koloko sindikhala pa WhatsApp chifukwa cha ana. Pakagwa za changu ndiimbireni, ndiyankha. Mameseji ndiziwaona 7 koloko m'mawa." Mphamvu ya mawu amenewa ili pa kusiyanitsa kuimba ndi kulemba. Kulemba meseji n'kwaulere, munthu amalemba atagona chagada. Kuimbira mkazi wa mwini 9 koloko usiku kumafuna kuti munthu aganize kawiri, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mudzaona kuti za changu zenizeni ndi zochepa kwambiri. Pa foni ikani `Do Not Disturb` usiku, koma mulole manambala a abale ndi ya abwana amodzi okha kuti azidutsa.

Lipoti la musanaweruke lija musalipeputse. Onani mafunso amene amabwera usiku kwa sabata imodzi, mupeza kuti ndi omwewomwewo. Kwa ine anali katundu watsala wochuluka bwanji, galimoto iti yapakiridwa, kiyi ali ndi ndani. Nditayamba kujambula makhadi a katundu 4:30 n'kuponya mu gulupu, wofunsa usiku ankayankhidwa ndi anzake kuti kwererani pamwamba muone. Anzanu a msinkhu wanu ndiye osavuta, auzeni pamaso kuti "aise, usiku sindiona foni," ndipo inunso musiye kuwalembera usiku, chifukwa simungatseke khomo limene inu mukulowera.

Za kuchotsedwa ntchito. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira pa nthawi yanu ndi ovataimu. Tsiku wamba ola la ovataimu amalipira ola limodzi ndi theka, tsiku lanu lopuma kapena la holide amalipira kawiri. Tiyerekeze kuti mumalandira K312,000 pa mwezi, masiku 26 a maola 8, omwe ndi maola 208. Ola lanu ndi K1,500, la ovataimu K2,250. Ngati usiku uliwonse mumataya maola awiri, Lolemba mpaka Lachisanu, pa masabata anayi ndi maola 40, kutanthauza K90,000 imene mukuipereka ulere mwezi ndi mwezi, bandulo mukugula nokha. Koma ndisakunamizeni, lamulolo silitchula foni kapena mameseji. Ku France anaika lamulo mu 2017 lokakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposerapo kukambirana za nthawi yothimitsa foni, ku Australia analiika mu 2024 loti wantchito angathe kukana kuyankha akaweruka. Kuno zimadalira umboni wanu woti munalamulidwa kugwira ntchito yeniyeni, monga kulemba lipoti kapena kuwerengera ndalama, osati kungoyankha "chabwino bwana." Werenganinso kontirakiti yanu, ena analembamo kuti malipiro aphatikiza kale maola owonjezera. Akakuchotsani popanda chifukwa chomveka kapena osakumvani mbali yanu, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu pasanathe miyezi itatu, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la za ntchito.

Ine ndinachita zonsezi, ndipo mameseji anachepadi, koma manijala uja sanandikhululukire. Anayamba kunditchula "mayi a 6 koloko" pa misonkhano, tchuthi changa ankangochikankhira kutsogolo, ndipo kontirakiti itatha sanandionjezere, amvekere kampani ikuchepetsa anthu. Pa mpando wanga anaikapo mtsikana amene ndikumva kuti amayankha ngakhale ali m'tchalitchi. Ndiye ngati mukadali pa miyezi yoyesedwa, kapena kontirakiti yanu ikutha posachedwa, musathamange ndi meseji ija. Yambani ndi lipoti la madzulo ndi kuika gulupu kuseri, muzisuzumira kamodzi 8 koloko, za abwana akulu muziyankha mwachidule kuti "ndaona, ndichita m'mawa," za ena onse muzisiye. Nambala, ndalama kapena lonjezo lililonse musapereke usiku ngakhale akukakamizeni bwanji. Ndipo bambo a kunyumbawo aonetseni gulupuyo aziwerenge okha, chifukwa foni ikamalira usiku mkazi n'kumatuluka nayo panja, maganizo a mwamuna sapita ku makatoni a mafuta.