Nayiloni pa magiya ndi mabushi, vuto lalikulu ndi chinyezi

"Abale ndithandizeni. Ndili ku Matawale, ndili ndi pulinta ya 3D. Giya ya PLA yomwe ndinapangira kamakina kosendera mtedza yatha mano sabata ziwiri zokha. Akuti nayiloni ndiye dilu pa giya ndi bushi, koma nditayesa ikuthetheka pa nozo komanso ikunyamuka pa bedi. Nditani?"

Achimwene, amene anakuuzani za nayiloniyo sananame. PLA ndi yolimba koma imayamba kufewa ikangofika madigiri 55 mpaka 60, ndiye mano akamakhulana amatentha nkuyamba kudyeka. Nayiloni ndi yoterera, siyisweka msanga, ndipo pa shafuti yachitsulo imayenda bwino ngakhale girisi atachepa. Koma imamwa madzi a mumpweya, ndipo kuno ku Zomba pansi pa phiri mukudziwa nokha mmene chinyezi chimakhalira dzinja kapena chiperoni chikatsika.

Kuthetheka mukumvako ndi madzi amenewo akuwira mu nozo. Yang'anitsitsani, muona kanthunzi, ulusi ukutuluka wathovu, ndipo chomwe mwapulintacho chimakhala chokhakhala, mukachipinda chimang'aluka motsata mizere. Filamenti yoti yagona panja tsiku limodzi basi yanyowa kale. Iumitseni pa madigiri 70 mpaka 80 kwa maola 8 mpaka 12, ngati mukugwiritsa uvuni ya kukhitchini ikanimo choyezera kutentha chanu chifukwa ma uvuni ambiri amadumpha nkusungunula sipulu. Silika, timibulu toyamwa chinyezi, payekha saumitsa filamenti yonyowa kale ayi, ntchito yake ndi kusunga youma. Ine ndimaika sipulu mu bigili yotseka bwino yokhala ndi silika pansi, ndinaboola kabowo ka chubu, filamenti imachoka mmenemo kulunjika ku pulinta osakhudza mpweya wa mnyumba.

Onaninso pa katoni kuti ndi nayiloni iti. PA6 ndi yolimba koma mumpweya wamba imamwa madzi pafupifupi 3 peresenti ya kulemera kwake, mukaimiza mmadzi imafika cha mma 9. PA12 mumpweya womwewo siyifika ngakhale 1 peresenti, ndipo siyinyamuka kwambiri pa bedi. Ndi yodulirapo inde, koma pa bushi ine ndimasankha imeneyo. Nayiloni yosakaniza ndi kaboni siyinyamuka kwambiri pa bedi koma imadya nozo ya bulasi, imathanso kukanda shafuti, pa bushi isiyeni.

Kunyamukako kumabwera chifukwa nayiloni ikamazizira imakhwinyata, mizere yapamwamba imakoka yapansi ndiye mmbali mumadzuka. Nozo ikhale 250 mpaka 270, koma pulinta ikhale yoti kachubu koyera ka PTFE kodutsamo filamenti sikafika pamoto, apo ayi kapsa. Bedi 70 mpaka 90, pakanipo guluu wa mapepala uja wa sitiki, fani yoziziritsa muzimitse, `Brim`, kamkombero kothandiza kuti chinthu chimamatire pa bedi, muike mamilimita 8 kapena 10, ndipo pulinta yonse muivindikire ngakhale ndi katoni yayikulu kuti mphepo ya pawindo isalowe. Giya igone chafufumimba. Ikatha musathamangire kuichotsa, izizire momwemo bedi mpaka ifike poti mungagwire.

Chomwe ambiri sachidziwa nchakuti bushi ikachoka pa pulinta imakhala youma gwa, kenako imayamba kumwa madzi pang'onopang'ono nkumafufuma. Zinandionekera ine. Ndinapanga bushi ya PA6 mu Okutobala, shafuti mamilimita 20, kunja 28, mpata ndinasiya 0.1 basi ndipo imazungulira bwinobwino. Pofika Januwale mwini makina akuimba kuti mota ikulira koma sikuzungulira, kupita kukagwira pa hauzing'i mpotentha zedi, kuchotsa bushi mkati mwake mukuwala ngati galasi. PA6 ikamwa 3 peresenti imakula mwina 0.6 kapena 0.7 peresenti, ndiye poti kunja yapanikizidwa ndi chitsulo kufufumako kumalowera mkati, bowo linachepa kuposa 0.1 ija nkugwira shafuti. Kutentha nakonso kumaifufumitsa, ndiye ikayamba kugwira zimangoipiraipira.

Panopa pa shafuti ya 20 ndimasiya mpata wa 0.25 mpaka 0.3, khoma la bushi osalinenepetsa, mamilimita 2 kapena 3 akwana chifukwa lochepa limafufuma pang'ono komanso limataya kutentha msanga. Ndikapulinta ndimainyika mmadzi ofunda usiku wonse, ndiisiye masiku angapo, ndiilowetse mu hauzing'i kenako ndiyeze bowo ndi veniya, likachepa ndimalikuza ilimo kale. Giya nayonso musaipanikize kwa inzake, pakati pa mano pakhale kusewera ngati 0.2, mukaigwedeza ndi chala muzimva kuti ke ke pang'ono. Tiuzeni kukula kwa shafuti yanuyo ndi dzina lomwe lalembedwa pa sipulu, tiwerengere limodzi mpata musanawononge filamenti ina.