Funsani Dokotala: Bwanji sanangolemba kuti mtima unaima?

Adokotala, achimwene anga anatisiya mwezi watha pachipatala china kuno ku Joni. Anayamba ma ARV kumudzi zaka 6 zapitazo, koma atabwera kuno kudzasaka maganyu anasiya. Anatsokomola miyezi inayi, kenako mutu unawawa koopsa milungu iwiri mpaka kubalalika, ndipo atawapopa madzi a kumsana anati TB yafika ku ubongo. Ndinapempha dokotala kuti pa pepala angolemba kuti mtima unaima, poopa kuti mayi kumudzi angamve za kachilombo, koma anakana. Chodabwitsa, setifiketi ya ku Home Affairs sikutchula matenda alionse. Nanga anakaniranji?

Mlongo wa malemu, Rosettenville

Pepani kwambiri ndi zovutazi, achemwali.

Dokotala mnzangayo anachita bwino kukana. Koma ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa ya mayi, chifukwa mapepala a imfa ndi awiri, ndipo limene munalimbirana ndi dokotala si limene linapita ndi maliro kumudzi. Munthu akamwalira muno mu South Africa, dokotala amadzaza fomu ya DHA-1663, imene ena adakaitchulabe ndi dzina lake lakale la BI-1663. Tsamba lomwe timalembapo matenda limamatidwa, ndipo kuyambira 2014 amene amaloledwa kulimatula ndi a Stats SA okha, ofesi ya boma yowerengera anthu. Kalaliki wa ku Home Affairs saliwerenga, a kampani ya maliro saliwerenga. Setifiketi imene abale amalandira imangosonyeza ngati imfayo inali yachilengedwe, kutanthauza ya matenda, kapena ayi. Ndiye chifukwa chake simunapezepo dzina la matenda. Zoti mayi auzidwe kapena asauzidwe, imeneyo ndi nkhani ya pabanja panu, pepala silikulankhulirani.

Tsopano tibwere pa za mtima. Munthu aliyense akamwalira, mtima wake umaima. Wogundidwa ndi takisi pa Jules Street mtima umaima, gogo wa zaka 90 womwalira ali mtulo mtima umaima, khanda lotsegula m'mimba mtima umaima. Kulemba kuti mtima unaima kapena kuti kupuma kunaleka n'chimodzimodzi kulemba kuti munthuyu anafa chifukwa anamwalira. Fomuyo imachita kuchenjeza dokotala kuti asalembe mmene moyo unathera, alembe matenda. Nkhokwe ikagwa usiku wa mphepo, mwana amati yagwetsedwa ndi mphepo, koma mwini wake amakayang'ana nsichi n'kupeza kuti chiswe chinadya kalekale. Chimene fomu imafuna ndi chiswecho.

Gawo loyamba la tsambalo lili ndi mizere inayi, yolembedwa (a), (b), (c) ndi (d). Pa mzere wapamwamba timalemba vuto lomaliza, limene linachotsa moyo. Tikatero timadzifunsa kuti, ili linabwera chifukwa cha chiyani? Yankho lake limapita pa mzere wachiwiri. Timafunsanso chimodzimodzi, kutsika pansi, mpaka titafika pa matenda amene sanachokere ku matenda ena. Mzere wotsiriza kulembedwa ndiwo gwero la imfa. Sikuti mizere yonse inayi iyenera kudzaza. Nthawi zina umodzi wokha umakwana. Pambali pa mzere uliwonse pali kampata kolembapo kutalika kwa nthawi kuchokera pamene vutolo linayamba kufika tsiku la imfa.

Malinga ndi zimene mwafotokoza, ine ndikanalemba motere, ngakhale pa fomu penipeni timalemba m'Chingerezi:

(a) TB ya zikutiro za ubongo, milungu 2
(b) TB ya m'mapapo, miyezi 4
(c) Matenda a HIV, zaka 6

Pali njira ziwiri zodziwira ngati zalembedwa bwino. Yoyamba, werengani kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mukuika mawu oti "inayambitsa" pakati: HIV inafooketsa thupi n'kuyambitsa TB ya m'mapapo, TB ya m'mapapo inafalikira n'kuyambitsa TB ya ku ubongo. Nkhaniyo ikumveka. Yachiwiri, yang'anani nthawi: iyenera kumakula mukamatsika, milungu, miyezi, zaka. Mukaona zaka zili pamwamba, masiku ali pansi, dziwani kuti wolembayo watembenuza. Ine zoterezi ndaziona kangapo kwa madokotala ongoyamba kumene, atatopa ndi ntchito ya usiku: amakopera mndandanda wa matenda mmene ulili mu fayilo, loyamba kupezeka pamwamba, ndipo pepalalo limatha kunena kuti TB ndiyo inayambitsa HIV, zomwe sizingatheke. Ena amaunjika matenda atatu pa mzere umodzi, osasonyeza kuti linayamba ndi liti. Mzere umodzi, vuto limodzi.

Gawo lachiwiri ndi la matenda ena amene anathandizira imfa koma sali mu unyolo uja. Achimwene anu akanakhalanso ndi shuga wosatsika, ndi pamenepo pamene tikanamuika. Si malo otayirapo chilichonse chimene munthu anadwalapo. Dzino limene anazula chaka chatha silikhudzidwa.

Mwina mukufunsa kuti, popeza tsambalo ndi lomata, kunama pang'ono kukanapweteka ndani? A Stats SA akamatula, matenda aliwonse amawapatsa nambala motsatira buku la bungwe la WHO lotchedwa ICD-10, ndipo pa munthu aliyense amasankhapo gwero limodzi lokha, limene limalowa m'ziwerengero za dziko. Pa chitsanzo chathuchi, achimwene anu amawerengedwa pa HIV. Mzere wa (c) ukasiyidwa, amawerengedwa pa TB basi. Pakalembedwa za mtima zija, amagwera m'gulu la imfa zosadziwika bwino, ndiye kuti sanawerengedwe paliponse pothandiza. Dziko lino linaona kale kuipa kwake. M'zaka zimene Edzi inkasesa anthu, ma ARV asanayambe kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, madokotala ambiri ankazemba kulemba HIV chifukwa cha zopempha ngati zanuzi, ndipo imfa zambiri za Edzi zinabisala pansi pa TB, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Kwa ife obwera, nkhaniyi ili ndi mbali yake. Anthu osiya mankhwala atadutsa pa Beitbridge, poopa kupita ku kiliniki alibe mapepala kapena poti abwana salola kujomba, ndimakumana nawo kawirikawiri. Imfa zawo zikamalembedwa kuti ndi mtima, amene amagawa ndalama za zaumoyo saona kuti HIV ikuphabe anthu a msinkhu wogwira ntchito.

Palinso kuzemba kwina kooneka ngati kwaulemu, kumene ine sindigwirizana nako. Dokotala amalemba zilembo zitatu, RVD, zoimira matenda a kachilombo mosatchula HIV, kapena amangoti chitetezo cha m'thupi chinali chotsika, akuganiza kuti mnzake womvetsa adziwa. Koma chitetezo chimatsikanso ndi mankhwala a khansa ndi zina, kotero wopereka manambala uja akhoza kuziika m'gulu lina la matenda. Zidule nazonso zimasokoneza, chifukwa zilembo zomwezo kwa wina zimaimira matenda ena. Dzina la matenda lilembedwe lonse, ndi dzanja lowerengeka.

Mawu ena ndi oona ndithu, koma ndi osakwanira akaima okha. "Impso zinasiya kugwira ntchito" ndi theka la nkhani: zinasiya chifukwa cha BP ya zaka zambiri, shuga, kapena kutha madzi m'thupi ndi kutsegula m'mimba? "Tizilombo tinalowa m'magazi" ndi theka: tinachokera m'mapapo, m'chikhodzodzo kapena pachilonda cha phazi? "Khansa" iyenera kutchulidwa kumene inayambira, chifukwa ya khomo la chiberekero yofalikira ku chiwindi imawerengedwa pa khomo la chiberekero. Mawu oterewa akhoza kukhala pa mzere wa (a), bola pansi pake pakhale yankho. Ukalamba nawo ndi pothawira pamene wolemba sanafune kutsegula fayilo. Okalamba ambiri amakhala ndi matenda odziwika, sitiroko kapena mtima wofooka ndi BP. Dokotala safunika kukhala ndi umboni wa kumalo oyezera pa chilichonse. Amasaina kuti walemba monga mmene akudziwira, ndipo amaloledwa kulemba kuti matenda akuti ndiwo akuganiziridwa kwambiri. Zimenezo n'zabwino kuposa mawu opanda kanthu.

Apa ndi pamene abale mumathandiza. Munthu amene anayambira mankhwala ku Malawi sapezeka m'makompyuta a kuno, ndipo akafika pachipatala atabalalika kale sangafotokoze yekha. Chaka chimene anayezetsa, mwezi umene anasiya mankhwala, kabuku kake ka kuchipatala ka kumudzi ngati anabwera nako, ndi zimene zimadzaza mzere wapansi ndi kampata ka nthawi kaja. Dokotala akamakufunsani zimenezi maliro atachitika, sikuti akufuna wina womuloza chala.

Funso limodzi limasintha zonse, ndipo abale ambiri ogwira ntchito ya zomangamanga ayenera kulidziwa. Tinene kuti munthu anagwa pa sikafodi, anathyoka msana, anagona miyezi itatu osayenda, kenako chibayo chinamutenga. Pamwamba ndi chibayo, koma mukatsika mizere mumafika pa kugwa kuja. Imfa yotere si yachilengedwe, ngakhale papite miyezi ingati. Dokotala wa mu wodi saloledwa kuilemba ngati ya matenda. Amadziwitsa apolisi, ndipo motsatira lamulo la 1959 lofufuza imfa zoterezi, thupi limapita kukayezedwa ndi madokotala a boma oyeza mitembo, monga aja a ku Hillbrow kapena ku Diepkloof. Chimodzimodzinso imfa ya poizoni, ya kumenyedwa, ndi yobwera chifukwa cha opaleshoni kapena mankhwala ogonetsa. Ndikudziwa kuti izi zimachedwetsa ulendo wa maliro, galimoto itapezeka kale, abale atasonkha kale. Koma banja limene lakakamiza kuti palembedwe chibayo chokha kuti thupi lituluke msanga limadzavutika pofuna chipukuta misozi cha ngozi ya pantchito, popeza mapepala amakhala akunena kuti munthuyo anangodwala.

Ngati achimwene anu anali pa inshulansi ya maliro, musadalire kuti kusatchula matenda pa setifiketi kwatseka nkhani. Kampani ikafuna kudziwa zambiri imapempha lipoti kuchipatala, ndipo lipotilo limachokera mu fayilo. Mapepala akamatsutsana ndi pamene ndalama zimachedwa.

Chomaliza, ndipo ichi ndi chachangu kuposa zonse zapamwambazi. TB ya m'mapapo ya miyezi inayi imapatsirana. Aliyense amene ankagona chipinda chimodzi ndi malemu apite ku kiliniki akanene kuti anakhala ndi wodwala TB, ngakhale sakutsokomola. Ana osakwana zaka 5 ndi amene ali ndi HIV ndiwo oyamba, chifukwa pali mankhwala oteteza. Ngati anasiya mkazi, kuno kapena kumudzi, alamu anuwo ayenera kumva zoona kuchokera kwa inu kapena kwa dokotala, kuti akayezetse magazi pamodzi ndi ana.